Ndidine `Unsubscribe` kapena ndisadine? Makalata andichulukira

Tadala

Moni nonse. Ndithandizeniko nzeru. Imelo yanga yadzaza ndi makalata otsatsa malonda, moti uthenga wofunika ndimachita kuusakasaka. Dzulo ndinakhala pansi kuti ndiyambe kuchotsa dzina langa, koma mnzanga wandiopseza kuti ukadina kalinki ka `Unsubscribe` kamene kamakhala kumunsi kwa kalata, umakhala ukuwauza anthu a sipamu kuti adiresi yako ndi yamoyo, ndiye m'malo mosiya amangowonjezera.

Ndili ndi makalata awiri amene ndikufuna ndiyambire. Yoyamba ndi ya sitolo ya pa intaneti kumene ndinagulako nsapato chaka chatha, imabwera katatu pa sabata. Yachiwiri ndi ya anthu amene sindikuwadziwa n'komwe, akuti ndasankhidwa kuti ndiike ndalama pa bizinesi inayake. Onse awiri ali ndi `Unsubscribe` kumunsi. Ndimagwiritsa ntchito Gmail. Nditani?

Bambo a Yamikani

Mwanangu, mnzakoyo wanena zoona. Usadine chilichonse. Ine ndinayamba kugwiritsa ntchito imelo ena a inu musanayambe sukulu, ndipo lamulo langa silinasinthe: kalata imene sindikuifuna ndimaiponya ku sipamu, basi. Ya sitolo, ya mbava, zonse njira imodzi.

Nachisale

Bambo a Yamikani, ndilole nditsutseko pang'ono, mwaulemu. Ine ndimatumiza kalata ya mwezi ndi mwezi ya bungwe limene ndimagwirako ntchito, ndiye nkhaniyi ndimaionera mbali inayo. Munthu amalemba yekha dzina kuti azilandira, kenako akatopa nayo amadina `Report spam` m'malo mochotsa dzina. Iye amaona ngati wangotaya pepala, koma ifeyo zimatipweteka. Google imafuna kuti madandaulo a sipamu asafike 0.3 peresenti ya makalata amene watumiza. Ndiye kuti pa anthu 1,000, atatu okha akakudandaula wafika kale pamalire, ndipo makalata ako amayamba kugwera ku sipamu ngakhale kwa anthu amene amawafuna.

Komanso inuyo simupindula kwenikweni. Sitolo ija ikhoza kupitiriza kutumiza, inu mwangosiya kuona. Tsiku limene mudzagulenso kumeneko, lisiti yanu ikhoza kukagwera ku sipamu komweko, n'kuyamba kuisaka.

Bambo a Yamikani

Mayi, ndakumvani, koma mavuto a otumiza si anga. Ine ndikuteteza bokosi langa.

Limbani

Madala, pa kalata yachiwiri ija mwalasa. Pa yoyambayo ndili mbali ya Mayi Nachisale. Achemwali Tadala, makalata anu awiriwo si a mtundu umodzi, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Ndimayang'anira maseva a imelo kuntchito, ndiye ndiloleni ndifotokoze kaye chimene wa sipamu amaphunzira kwa inu, chifukwa mawu oti "adziwa kuti adiresi ndi yamoyo" amabisa zinthu zitatu zosiyana.

Kuti adiresi yanu ilipo, amadziwa popanda inu kuchita kanthu. Akatumiza kalata ku adiresi imene kulibe, seva yolandira imakana pomwepo, kawirikawiri ndi yankho loyamba ndi nambala 550. Ikalandira osakana, iye amalemba kuti adiresiyi ilipo. Apa palibe chimene mungabise, zinachitika kalatayo isanafike m'maso mwanu.

Kuti kalatayo yatsegulidwa, amadziwira pa zithunzi. M'kalata mumakhala kachithunzi kakang'ono kosaoneka ndi maso, kadontho kamodzi mulitali ndi kamodzi mulifupi, ndipo adiresi ya kachithunziko ili ndi nambala yanuyanu. Pulogalamu yanu ikapita kukakatenga kuti ikuonetseni kalata yonse, seva yake imalemba kuti wa nambala yakutiyakuti watsegula.

Chachitatu ndiye chimene amachifunitsitsa: kuti kuseri kwa adiresiyi kuli munthu amene amawerenga mpaka kumunsi n'kudina linki m'kalata ya mlendo. Adiresi yotere imagulitsidwa mokwera kuposa imene yangokhala phee. Ndipo choopsa chachikulu si kuchuluka kwa makalata ayi. Ndi tsamba limene linkiyo ikukutengerani, limene lingakupempheni pasiwedi kapena kukutsitsirani fayilo.

Tsono ganizirani za sitolo ija. Adiresi yanu munawapatsa nokha, anakutumizirani lisiti, katundu anafika. Mungawaululire chiyani chimene sakuchidziwa kale? Palibe. Funso lokhalo pa kalata imeneyo ndi lakuti kodi yachokeradi kwa iwo, kapena wina wangovala dzina lawo.

Tadala

Achimwene Limbani, zikomo. Koma ndingadziwe bwanji kuti ndi iwodi? Dzina la sitolo likuoneka pamwamba, chizindikiro chawo chiliponso.

Limbani

Dzina looneka pamwambalo aliyense akhoza kulemba limene wafuna, ndipo chizindikiro amangokopera. Tsegulani kalatayo pa kompyuta. Pansi pa dzina la wotumiza pali kamuvi kakang'ono pafupi ndi mawu oti `to me`. Dinani kameneko. Mutiuze zimene zalembedwa pa `from`, pa `mailed-by` ndi pa `signed-by`. Musalembe adiresi yanu pano, ingotiuzani gawo la kumanja kwa chizindikiro cha @. Muonenso ngati pamwamba pomwepo, pafupi ndi dzina la wotumiza, pali batani la Gmail lolembedwa `Unsubscribe`. Sindikunena la kumunsi kwa kalata.

Kondwani

Ine zimenezi sindivutika nazo. Ndimangoyankha kuti STOP, amasiya. Akapitiriza ndimabuloka nambala.

Nachisale

Achimwene Kondwani, inu mukunena za mauthenga a pa foni. Apa tikukamba za imelo.

Kondwani

Aaa pepani, ndinawerenga mothamanga. Koma nanga pa imelo sungayankhe chimodzimodzi? Kungolemba kuti mundichotse?

Limbani

Kwa munthu amene mumamudziwa, amene amatumiza pamanja kwa anthu ochepa, yankhani ndithu. Kwa wa sipamu, kuyankha n'koipa kuposa kudina. Mwamupatsa umboni woti ndinu munthu weniweni, mwamupatsanso dzina lanu lonse, ndipo ngati muli ndi siginecha kumunsi kwa makalata anu, watenga nambala ya foni ndi malo a ntchito. Nthawi zinanso adiresi ya pa `from` imakhala yabodza, ya munthu wosalakwa amene sakudziwa kanthu, ndiye mkwiyo wanu wonse ukafikira iyeyo. Kubuloka nakonso sikuthandiza kwambiri pa sipamu yeniyeni, chifukwa mawa abwera ndi adiresi ina.

Tadala

Ndayang'ana. Ya sitolo: pa `from` pali domeni ya sitoloyo, yomweyo imene ndimalemba ndikamapita pa tsamba lawo. Pa `signed-by` palinso yomweyo. Koma pa `mailed-by` pali dzina lina lachilendo, ndiye ndachita mantha. Batani la `Unsubscribe` pamwamba lilipo.

Ya bizinesi ija: pa `from` pali zilembo ndi manambala osakanikirana, `signed-by` palibe n'komwe, ndipo batani la pamwamba palibenso.

Limbani

Mwagwira ntchito yonse. Dzina lachilendo pa `mailed-by` lisakuopseni. Masitolo ambiri satumiza okha makalata otsatsa, amalemba ntchito kampani yotumiza makalata ochuluka, ndiye dzina la kampaniyo limaoneka pamenepo. Cholemera ndi `signed-by`. Umenewo ndi umboni wa DKIM, siginecha imene amaika ndi kiyi yachinsinsi ya mwini domeni, ndipo Gmail imaitsimikizira isanakuonetseni. Ngati domeni ya pa `signed-by` ndi ya sitoloyo, yolembedwa ndendende popanda chilembo chosinthidwa, kalatayo yachokera kwa iwo kapena kwa amene anamupatsa chilolezo. Muiwerenge chilembo ndi chilembo, chifukwa wakuba akhoza kugula domeni yofanana nayo, monga kuika `rn` pamene pali `m`, n'kusainira bwinobwino domeni yakeyo. Siginecha imangokuuzani mwini kalata, sikuti mwiniyo ndi wabwino.

Pa ya sitoloyo dinani batani la pamwambalo. Ndifotokoze chifukwa chake ndimalikonda kuposa linki ya kumunsi. Mukadina timadontho titatu pa kalatayo n'kusankha `Show original`, mupeza mizere yonga iyi pamutu pa kalata:

```
List-Unsubscribe: <https://mail.example.com/u/7f3a91c2>, <mailto:leave-7f3a91c2@example.com>
List-Unsubscribe-Post: List-Unsubscribe=One-Click
```

Mzere woyambawo ndi wakale, unakhazikitsidwa mu 1998 m'chikalata chotchedwa RFC 2369. Wachiwiriwo unabwera mu 2017 ndi RFC 8058. Iwiriyi ikakhalapo, mukadina batani la pamwamba, pempho lochotsa dzina limatumizidwa ndi Gmail m'malo mwanu. Inuyo simutsegula tsamba lililonse, simuona fomu, palibe chotsitsa, palibe pokufunsani pasiwedi. Ndipo lamulo la RFC 8058 limati mizere iwiriyi iyenera kukhala mkati mwa siginecha ya DKIM, kuti wina asaisinthe panjira.

Kuyambira mu 2024, Google ndi Yahoo anayamba kukakamiza otumiza makalata ochuluka kuti makalata awo otsatsa akhale ndi njira imeneyi. Kwa Google, wotumiza wochuluka ndi amene amatumiza makalata pafupifupi 5,000 kapena kuposerapo pa tsiku ku ma adiresi a Gmail, ndipo pempho lanu ayenera kulikwaniritsa pasanathe masiku awiri. N'chifukwa chake sitolo yeniyeni masiku ano imakhala nalo batanilo.

Kalata yachiwiri ija musadine chilichonse mkati mwake. `Report spam`, mwamaliza. Gmail ikakufunsani ngati mukufuna ikuchotseninso dzina pamene mukuineneza, sankhani kuineneza kokha.

Bambo a Yamikani

Achimwene, batani la pamwamba, la pansi, pempho likafikabe kwa wotumiza yemweyo ndi nambala yako yomwe ija. Ndikuiona pamenepo, `7f3a91c2`. Ndiye wadziwabe kuti ulipo. Mwasintha chiyani?

Limbani

Madala mwaona bwino, ndipo apa sindikutsutsani. Batani la pamwamba silikubisani kwa wotumiza. Sizingatheke kuti akuchotseni pa mndandanda asakudziwa kuti achotse ndani. Chimene limakutetezani nacho ndi tsamba loipa, osati kudziwika. N'chifukwa chake funso loyamba limakhalabe lija: kodi munthuyu ndinamupatsa ndekha adiresi yanga? Ngati inde, kudziwika si vuto. Ngati ayi, ngakhale batani litaoneka, ine sindilikhudza. Gmail sionetsa batanilo pa kalata iliyonse imene ili ndi mizere ija, imayang'ananso mbiri ya wotumiza, koma sindingaike moyo wanga pa sefa imeneyo. Mapulogalamu ena a imelo sasankha kwambiri choncho.

Tadala

Ndachita zonse ziwiri. Koma tsopano nkhawa yanga ndi iyi: kalata ya bizinesi ija ndinaitsegula kangapo, dzulo ndi lero, ndipo zithunzi zake zinaoneka. Ndiye kuti adziwa kale?

Limbani

Mwina adziwa kuti inatsegulidwa, inde. Musataye tulo. Kuyambira kumapeto kwa 2013 Gmail imatenga zithunzi kudzera m'maseva ake, choncho wotumiza saona adiresi ya intaneti ya chipangizo chanu, ngakhale angaonebe kuti chithunzi chapemphedwa. Komanso umboni wa kutsegula unatsika mtengo kuchokera mu 2021, pamene Apple inabweretsa Mail Privacy Protection, imene imatenga zithunzi yokha ngakhale munthu asanawerenge kalata. Otumiza akudziwa kuti "watsegula" wambiri masiku ano ndi makina. Kudina ndi kumene kumawauza zambiri.

Ngati mukufuna kutseka khomo limenelo, pitani ku `Settings`, pa `General`, pa `Images`, musankhe `Ask before displaying external images`. Mtengo wake ndi wakuti makalata onse azioneka opanda zithunzi mpaka mutalola, ndipo ena zimawatopetsa. Makalata amene ali kale mu foda ya sipamu Gmail sionetsa zithunzi zake yokha, ndiye ngati mukufuna kusuzumira kalata yokayikitsa, iponyeni kaye kumeneko n'kukaiwerengera komweko. Ikatha masiku 30 imafufutika yokha.

Mphatso

Ndiwonjezereko njira yanga. Ndimaika kamuvi ka mausi pa linki osadina, adiresi yonse imaoneka pansi pa sikirini. Ndikaona kuti m'linkimo muli imelo yanga kapena chinambala chachitali, ndimadziwa kuti ndi mbava zikufuna kunditsimikizira.

Nachisale

Achemwali Mphatso, kuika kamuvi osadina n'kwabwino, koma chizindikiro mwasankhacho chikunamizani. Linki ya m'makalata athu nayonso ili ndi chinambala chachitali cha munthu aliyense, ndipo ife si mbava. Popanda chimenecho sitingadziwe woti timuchotse. Ine ndimakayikira kwambiri linki imene ilibe nambala, imene imakufikitsa pa tsamba lokuuza kuti lemba imelo yako apa, chifukwa tsamba lotero likhoza kukhala lotolera ma adiresi.

Limbani

Mayi Nachisale anena zoona. Choyang'ana pa linki ndi mwini wake. Pezani kamzere kopendekera koyamba pambuyo pa `https://`, kenako muwerenge chobwerera kumanzere. Taonani ziwiri izi:

```
https://news.example.com/unsubscribe?id=88213
https://example.com.account-check.example.net/unsubscribe
```

Yoyambayo ndi ya `example.com`. Yachiwiriyo, ngakhale ikuyamba ndi dzina lomwelo, mwini wake ndi `example.net`. Zonse za kumanzere ndi zokongoletsera zimene mwini domeni amalemba mmene wafunira. Pa foni mumakanikiza linki kwa kanthawi kuti ioneke, koma chala chikaterereka mwaitsegula, ndiye ine zokayikitsa ndimazisiyira kompyuta.

Vuto la njirayi ndi lakuti makampani enieni nawonso malinki awo amadutsira pa domeni ya kampani yotumiza ija, ndiye mudzaona dzina lachilendo pa kalata yabwinobwino. Zikatero ndipo batani la pamwamba palibe, pali njira yachitatu imene sifuna kukhulupirira kalatayo n'komwe: tsekani kalata, lembani nokha adiresi ya tsamba la sitolo, lowani mu akaunti yanu, mukazimitse makalata otsatsa kumeneko.

Dalitso

Ndawerenga zonsezi mtima ukugunda. Ineyo sabata yatha ndinadina `Unsubscribe` pa kalata imene inkaoneka ngati ya kampani ina yosungira mafayilo. Tsamba linatseguka n'kunena kuti nditsimikizire polowa ndi imelo yanga. Ndinalemba imelo ndi pasiwedi, linazungulirazungulira, kenako linati dzina lachotsedwa. Ndinaona ngati zatha bwino.

Limbani

Achimwene Dalitso, siyani kuwerenga pano, pitani mukasinthe pasiwedi ya imelo yanu panopa, polemba nokha adiresi ya tsamba. Mukatero mutsegule chitetezo cha masitepe awiri, ndipo mutulutse zipangizo zonse zimene simukuzidziwa pa mndandanda wa zolowa mu akaunti. Kenako musaiwale ichi, chifukwa ambiri amathera pa pasiwedi: mu `Settings` muone `Forwarding and POP/IMAP` ndi `Filters and Blocked Addresses`. Wakuba akalowa amakonda kusiya lamulo lotumiza makalata anu kwa iye, kapena lofufuta mauthenga a ku banki musanawaone, ndipo lamulolo limakhalabe ngakhale mwasintha pasiwedi. Muonenso nambala ya foni ndi imelo yobwezeretsera akaunti ngati zikadali zanu. Ngati pasiwedi yomweyo mumaigwiritsanso ntchito kwina, kumenekonso sinthani.

Kuchotsa dzina sikufuna pasiwedi ya imelo yanu, kulikonse. Lamulo la ku America la CAN-SPAM la 2003, limene makampani otumiza kuchokera kumeneko amayendera, limaletsa kulipiritsa munthu kapena kumufunsa zambiri kuposa adiresi ya imelo kuti achotsedwe, ndipo limawapatsa masiku 10 ogwira ntchito kuti asiye. Ndiye tsamba likakupemphani pasiwedi, nambala ya khadi, kapena kuti mudine `Allow` kuti lizikutumizirani zidziwitso, tsekani.

Dalitso

Ndasintha. Ndapeza sefa imodzi imene sindinaike ine, yotumiza kwina kalata iliyonse yokhala ndi mawu oti `invoice`. Ndaifufuta. Manja akunjenjemera.

Bambo a Yamikani

Mwaona? Akanatsatira lamulo langa sizikanamuchitikira. Inu mukuphunzitsa anthu kuwerenga mitu ya makalata, koma munthu wotopa madzulo sawerenga zimenezo, amangodina.

Nachisale

Pamenepo Bambo muli ndi mfundo, sindikana. Kwa mayi anga okalamba nanenso ndinawauza kuti asamadine kanthu, azindisiyira ndikabwera. Koma munthu ngati Tadala amene ali ndi makalata ochokera kumalo makumi angapo kumene analembetsa yekha, kuponya zonse ku sipamu kumasokoneza sefa yake yomwe. Ikuphunzira kuti makalata a masitolo amene amagulako ndi zinyalala.

Dalitso

Limbani, ndithandizeninso. Ndingadziwe bwanji ngati makalata ena anapita kale kwa iwo?

Limbani

Tengani kuti chilichonse chokhala ndi mawu amenewo chimene chinabwera kuchokera tsiku munalemba pasiwedi chinapita. Sakani `invoice` m'bokosi lanu, muone za masiku amenewo. Amene anakutumizirani makalatawo muwaimbire foni, muwauze kuti akalandira uthenga wosintha nambala ya akaunti yolipirira, kaya ukuoneka ngati wachokera kwa inu, asaukhulupirire. Inunso chimodzimodzi, mukalandira wotero wochokera kwa iwo. Sefa ya mawu amenewo cholinga chake chimakhala chimenecho.

Kondwani

Nanga mapulogalamu aja amene amati akuchotsera dzina pa makalata onse kamodzi? Sizingamuthandize Tadala?

Mphatso

Ndinayesapo imodzi. Imafuna uipatse chilolezo chowerenga bokosi lako lonse. Ndinabwerera pomwepo.

Limbani

Munachita bwino kuwerenga chilolezocho. Nkhani yodziwika ndi ya Unroll.me. Mu 2017 zinaululika kuti kampani imene inali mwini wake inkatenga zambiri m'malisiti a m'mabokosi a anthu n'kumagulitsa kwa makampani ena, ndipo mu 2019 a Unroll.me anagwirizana ndi bungwe la boma la America la FTC pa mlandu woti ananamiza anthu za mmene ankagwiritsira ntchito makalata awo. Sindikunena kuti onse ndi otero, koma mukupereka bokosi lonse kuti mupulumutse ola limodzi. Gmail yomweyo mu 2025 inayamba kuika gawo la `Manage subscriptions`, limene limakuonetsani otumiza onse pamodzi ndi batani pambali pa aliyense. Ngati lafika pa akaunti yanu, yambirani pamenepo, koma mudutse mayina amene simukuwadziwa.

Tadala

Ndapitiriza kuyeretsa, ndipo ndakumana ndi ya mtundu wachitatu imene simunaitchule. Ndi kampani yophunzitsa maphunziro a pa intaneti. Ndaifufuza padera, ilipodi, `signed-by` ndi domeni yawo, batani la pamwamba lilipo. Koma ine sindinalembetseko chilichonse kumeneko. Iyi ndiichite chiyani?

Nachisale

Ine ndingadine batani la pamwamba. Kampani yokhala ndi dzina loti iteteze, yosaina makalata ake, ikapanda kukuchotsani imadziika yokha m'mavuto ndi Google komanso ndi kampani imene imaitumizira makalata. Mwinanso munalembetsa osadziwa, kudzera pa kabokosi kochongedwa kale pa fomu ina.

Limbani

Apa ndisiyana nanu Mayi. Ngati Tadala akutsimikiza kuti sanawapatse, ndiye kuti adiresi yake anaigula kapena anaitola penapake, ndipo kalata yosapemphedwa ndi sipamu ngakhale itavala suti. Akhoza kumuchotsadi pa mndandanda wawo, koma munthu wogula ma adiresi sindimukhulupirira kuti sagulitsanso. Ine ndingaineneze kuti ndi sipamu, madandaulo amenewo ndi amene amawaphunzitsa kusiya kugula.

Nachisale

Nanga akakhala kuti waiwala chabe? Anthu amaiwala, achimwene. Ife timalandira madandaulo kwa anthu amene tili ndi tsiku ndi ola limene anatsimikizira okha kulembetsa.

Limbani

N'zotheka. Achemwali Tadala, sakani dzina la kampaniyo m'bokosi lanu lonse, muone kalata yakale kwambiri. Ngati ndi yokulandirani kapena yokupemphani kutsimikizira kulembetsa, Mayi Nachisale apambana. Ngati yoyambayo inangoyamba ndi kutsatsa, ndapambana ine.

Ndipo kuti mtsogolo mkangano wotere usamavute, polembetsa pa Gmail muziwonjezera chizindikiro pa adiresi, monga `dzina+nsapato@gmail.com`. Makalata amafikabe kwa inu, koma tsiku limene kampani ya maphunziro idzalembere ku adiresi ya nsapato, mudzadziwa kumene inadontha. Wochenjera akhoza kudula gawo la `+` lija, ndipo mafomu ena amalikana, ndiye si mpanda wolimba.

Mphatso

Funso limodzi. Ukachotsa dzina, adiresi yako amaifufuta?

Nachisale

Ayi, kawirikawiri safufuta. Imasamukira pa mndandanda wa osayenera kutumiziridwa, kuti wina akadzailowetsanso mwangozi makina akane. Ndiye imakhalabe m'manja mwawo. Mu 2025 Troy Hunt, mwini tsamba la Have I Been Pwned, anaberedwa mndandanda wa owerenga kalata yake atanamizidwa ndi imelo yabodza, ndipo iye mwini analemba kuti mwa ma adiresi pafupifupi 16,000 amene anatengedwa munalinso a anthu amene anali atachotsa kale mayina awo. Ngati mukufuna ifufutidwe, limenelo ndi pempho lina, lolembera kampaniyo mwachindunji, ndipo mphamvu yake imadalira malamulo a kumene muli ndi kumene kampaniyo ili.

Tadala

Ndabweranso patatha masiku asanu. Sitolo ya nsapato inatumiza kalata imodzi tsiku lotsatira, kenako zii. A bizinesi aja abweranso kawiri ndi mayina ena, koma onse agwera okha ku sipamu.

Ya maphunziro ija ndinasaka monga munanenera. Kalata yakale kwambiri ndi ya miyezi inayi yapitayo, yotsatsa, palibe yondilandira. Koma ndimafufuta makalata kawirikawiri, ndiye sindingalumbire kuti sinabwere. Ikadali pompo, sindinaikhudze.

Bambo a Yamikani

Iponye ku sipamu, mwanangu.

Nachisale

Dinani la pamwamba, mudikire masiku awiri kapena atatu. Akatumizanso pambuyo pake, ndiye muwaneneze, nanenso sindidzawaikira kumbuyo.

Dalitso

Limbani, mmodzi wa amene ndinawaimbira akuti analandiradi uthenga Lachiwiri wosintha akaunti, koma anali asanalipire. Ndiwauze asunge kalatayo kapena aifufute?

Limbani

Asunge. Aitsegule pa `Show original`, adine `Download Original`, akutumizireni fayiloyo. Muone ngati inachokera mu akaunti yanu yeniyeni kapena ku domeni yongofanana nayo, chifukwa ngati inachokera mu yanu ndiye kuti pangakhale enanso oti muwaimbire. Muyang'ane mu `Sent` ndi mu `Trash` za Lachiwiri limenelo.